Ukasowa chonena pasiwa, usachifunefune

Pali funso limodzi limene ndikufuna tizilisiya kunyumba tikamapita kumaliro: "Koma amadwala chiyani?" Ambiri timalifunsa ndi nkhope yachisoni, mutu titaupendeketsa, ndipo limamveka ngati la munthu wokhudzidwa. Komatu ndi funso lankhanza. Ndikunena izi ngati munthu amene analifunsapo, pamaso pa anthu, kwa mnzake amene thupi la mayi ake linali m'nyumba ya siwa pataliko pang'ono ndi pamene tinakhala.

Zinachitika chaka chatha, pakati pa semesita yachiwiri. Mayi a mnzanga amene ndimagona naye chipinda chimodzi anatisiya usiku wa Lachiwiri kumudzi kwawo ku Dedza. Iye ananyamuka mbandakucha. Ife anzake asanu, anyamata atatu ndi atsikana awiri, tinasonkha K3,000 aliyense ya chipepeso n'kumulondola masana. Mu minibasi nkhani inali imodzi basi: tikakafika tikanena chiyani? Wina anali pafoni kufufuza mawu opepesera a Chingerezi. Wina ankasankha vesi. Ine ndinkakonza chiganizo m'mutu ngati kuti ndikukayankha mayeso apakamwa.

Tinafika dzuwa litapendeka. Masamba aawisi anali atayalidwa kale pamsewu wolowera m'mudzimo, ndipo akabaza anatitsitsira pomwepo n'kuyamba kukankha njinga zawo. Atsikana aja anamanga zitenje ndi maduku n'kulowera kumene kunali amayi. Ife tinakakhala kumene kunali abambo, pansi pa mtengo wa mango, pafupi ndi zikuni zimene zinali zitayamba kufuka. Patapita kanthawi mnzathu uja anabwera, maso ali psuu, n'kukhala pakati pathu.

Chete amene anatsatira sanakwane ndi mphindi imodzi yomwe, koma kwa ife anali ngati chaka. Wa vesi uja anayamba: "Aise, limba mtima, ndiwe mwamuna." Ine, poopa kuoneka ngati ndabwera chimanjamanja, ndinaponya langa lija: "Koma amadwala chiyani?" Mnzanga anapumira m'mwamba n'kuyamba kufotokoza: kutupa kwa miyendo, maulendo a kuchipatala chaching'ono chapafupi, usiku umene mpweya unayamba kuvuta. Ankalankhula mosasinthasintha mawu, ngati mwana amene akulakatula zimene analoweza. Apo m'pamene wachitatu anamalizitsa: "Nanga bwanji simunathamangire nawo kuchipatala chachikulu?" Mnzanga anangoyang'ana pansi. Sanayankhe.

Yankho lake ndinalimva patatha miyezi iwiri, usiku wina magetsi atazima. Mbuzi ziwiri zimene banjalo likanagulitsa kuti lipeze galimoto yahayala zinali zitagulitsidwa kale mwezi wapitawo, ndipo ndalama yake ndi imene iye analipirira lendi ya chipinda chomwe tinkagonacho. Funso lija anali akudzifunsa kale yekha kuyambira pamene foni inalira. Ife tinayenda ulendo wonse uja, n'kulipira thiransipoti yathuyathu, kuti tikamufunsenso pagulu.

Ndiye mfundo yanga ndi iyi. Ukafika pasiwa n'kupeza kuti ulibe chonena, palibe chimene chalakwika. Usachifunefune. Mawu ambiri amene timalankhula pamaliro timawalankhula pofuna kudzipulumutsa ife eni ku manyazi a kukhala chete, ndipo amene amalipira mtengo wake ndi namfedwa.

Taganizani za funso langa lija monga mmene limamufikira wofedwayo. Kwa ine linali funso limodzi. Kwa iye linali la makumi awiri tsiku limenelo, chifukwa gulu lililonse lofika linali ndi munthu wake wachidwi. Aliyense wofunsa amamubweza ku usiku uja kuti akauyendenso kuyambira pachiyambi. Komanso pali imfa zimene banja silifuna kuzitchula: matenda amene anthu amanong'onezana, munthu wodzipha, mayi womwalira pochira. Pamenepo funsoli limamusiyira namfedwa njira ziwiri zokha, kunama kapena kuvula banja lake pagulu. Palibe mwa ziwirizi chimene tingachitche chipepeso.

Chimene chimandipweteka n'choti mwambo wathu unalikonzera kale malo funsoli. Pa tsiku loika maliro, asanayambe mapemphero, woimira banja amaimirira n'kufotokozera khamu lonse mmene matenda anayendera. Amanena zimene banja lagwirizana kuti zinenedwe, n'kulekeza pamene banja lafuna kulekeza. Ngati chidwi chakugwira, dikira nthawi imeneyo. Zimene sudzamva pamenepo ndiye kuti sizinali zako.

Pali mawu enanso amene ndikuwaika m'gulu lomweli, ndipo ndikudziwa kuti ena mwa inu mukwiya nane. "Musalire." Chifukwa chiyani asalire? Mayi ake amwalira. Tikamati tikupita kukalira maliro, ndiye wolira woyamba akhale ndani ngati si mwiniwakeyo? "Limba mtima, ndiwe mwamuna" ndi "usalire" yemweyo atavala jekete. Nanga awa amene timauza mayi amene mwana wake wamwalira, akuti "mukadali wamng'ono, mudzabereka ena"? Mwana si mbale yoti ikasweka mukagula ina pamsika. Mayiyo akulira ameneyo, wa dzina lakelo, amene kamalaya kake kakadali pachingwe.

Ovuta kwambiri kuwatsutsa ndi awa: "Chinali chifuniro cha Mulungu." Sindikutsutsana ndi chikhulupiriro cha munthu aliyense. Namfedwa akawanena yekha mawu amenewa, ndi ndodo yake yoyendera, ndipo palibe woyenera kumulanda. Mlaliki akawanena pa nthawi ya ulaliki, ndi ntchito imene anthu amupatsa. Koma ine, mnyamata wa chaka chachitatu amene ndangotsika pakabaza, ndikawanena kwa munthu amene sanagone usiku wonse, nthawi zambiri tanthauzo lake limakhala lakuti nkhani yatha, tontholani. Amene amakonda mavesi akumbukire nkhani ya Yobu. Anzake atatu, Elifazi, Bilidadi ndi Zofari, atafika anakhala naye pansi masiku 7, usana ndi usiku, osalankhula kanthu. Mavuto anayamba pamene anatsegula pakamwa kuti amufotokozere chifukwa chimene zinamugwera, ndipo kumapeto kwa bukulo ndi iwowo amene akudzudzulidwa.

Tsopano ndikuuzeni za munthu amene anatiphunzitsa usiku umenewo popanda kudziwa kuti akuphunzitsa. Mdima utagwa kunabwera bambo wina wachikulire, chikhoti chakale paphewa, chipewa chili m'manja. Anakhala pansi pafupi ndi mnzanga, n'kumugwira pabondo, n'kunena kuti, "Pepa, mwana wanga." Basi. Anakhala pamenepo mwina ola lathunthu. Moto ukamazilala ankasonkhezera chikuni. Mnzanga atayamba kusisima, bamboyo sanamuyang'ane kumaso ndipo sanamuletse; anangosendera pafupi. Tiyi atabwera anamulandirira kapu n'kumuikira m'manja. Patatha miyezi, mnzanga sankakumbukira vesi lililonse la usiku umenewo, koma bamboyu ankamukumbukira.

Wina anena kuti: iwe, ukulankhula zachizungu, maliro athu si achete. Zoona, pasiwa pali phokoso. Amayi amabuma, makwaya amasinthana nyimbo mpaka kucha, abambo pamoto amakamba za mitengo ya feteleza ndi za mpira, ndipo adzukulu amatha kuseka ndi kuseketsa anthu pakati pa chisoni chomwecho. Sindikunena kuti zonsezi zithe. Koma taonani bwino phokoso limeneli: palibe ndi limodzi lomwe limene limafuna yankho kuchokera kwa namfedwa. Nyimbo imamuzungulira, iye akhoza kuyimba nawo kapena kungomvera. Nkhani za pamoto zimamuuza kuti anthu alipo, sanagone, sali yekha. Nthabwala za adzukulu zili ndi chilolezo chimene mudzi unawapatsa chifukwa cha ntchito yolemetsa imene amagwira, ndipo chilolezocho si cha mlendo aliyense. Chete amene ndikumunena ine ndi wa pakamwa pako pamene wayang'anana ndi wofedwayo: osamufunsa, osamufotokozera, osamulangiza.

Winanso anena kuti: ukangokhala duu anthu adzati ndiwe wonyada, mwana wasukulu wodzimva. Nkhawa imeneyi ndi yoona, ndipo ndi imene inatilankhulitsa ife. Koma pamudzi munthu samuyeza ndi kuchuluka kwa mawu ake pamaliro. Amamuyeza ndi pamene wakhala, nthawi imene wakhalapo, ndi chimene manja ake agwira. Wonyada amadziwika ndi kuimirira patali manja ali m'thumba, kukana mphasa n'kumadikira mpando, kukana nsima ya pamaliro, ndi kutuluka m'gulu mphindi zisanu zilizonse kukayankha foni. Munthu amene wakhala pansi n'kugona pomwepo palibe amene angamutche wonyada, ngakhale atalankhula mawu atatu okha usiku wonse.

Nanga uchite chiyani ngati sukudziwa mwambo wa kumeneko? Izi ndi zimene ndikanakonda wina akanandiuza mu minibasi muja.

Ulemu umayambira pamasamba paja. Tsika panjinga, vula chipewa, chotsa zam'makutu, foni uyitseke pakamwa. Ukafika usayambe kuzungulira bwalo lonse kupereka moni wa dzanja ngati wandale. Yang'ana kumene kwakhala abambo ndi kumene kwakhala amayi, upite kumbali yako, ukhale pansi. Kwathu kuno mlendo amayamba wakhala, kenako eni khomo ndi amene amabwera kudzamulonjera. Choncho ngakhale sukudziwa aliyense, kukhala phee ndi kudikira ndiye mwambo weniweniwo. Wina adzabwera, ndipo udzamuuza mwachidule kuti ndiwe yani ndipo wabwera chifukwa cha ndani: "Ndife anzake a uje a kusukulu, tamva zovutazi."

Ukakumana ndi namfedwa, "pepani" ndi wokwanira. Ukafuna kuwonjezera, "pepani ndi zimene zagwazi" kapena "tabwera, tili pompano." Ukatero tseka pakamwa ndipo usathawe. Iye akayamba kulankhula, mvetsera, ngakhale akubwereza nkhani imene wanena kale kawiri. Akafunsa kuti "chifukwa chiyani mayi anga?" dziwa kuti limenelo si funso lofuna yankho, ndi kulira. Ukhoza kungoti "pepa, m'bale wanga." Akakhala chete, nawenso khala chete. Muyeso wake ndi wosavuta: ngati mawu amene ukufuna kunena amupatsa iye ntchito, yoyankha, yofotokoza, yodziteteza kapena yokuthokoza, amezeni.

Chipepeso usachipereke mwachionetsero, komanso usamuvutitse nacho wolirayo kuti awerenge. Pamaliro ambiri pamakhala munthu amene wapatsidwa kope lolembamo zopereka. Funsa amene wakulandira uja kuti akulozere. Ife tinapereka K15,000 yathu kumeneko m'dzina la kalasi, ndipo inalengezedwa mawa lake pamodzi ndi ufa, nkhuni ndi ndalama za ena. Kuchepa kwake kusakuchititse manyazi. Maliro n'kulirana, ndipo kopelo limasunga dzina la amene anabwera kuposa kuchuluka kwa zimene anabweretsa.

Kenako peza ntchito. Apa m'pamene atsikana aja anatiposa kutalitali. Pamene ife tinkavutika ndi ziganizo pansi pa mango, iwo anali atanyamula kale ndowa kupita kumjigo, ndipo usiku wonse anali kuseri kothandiza kutsuka mbale ndi kusankha nyemba. Pofika m'mawa amayi a pamudzipo ankawaitana ndi mayina. Sananene kuti "mukafuna chilichonse mutiuze," mawu amene amamveka bwino koma amasiyira wofedwa ntchito yoganiza chokutuma. Anaona ndowa yopanda madzi n'kuinyamula. Kwa ife amuna ntchito siisowanso: kuwaza nkhuni, kunyamula mabenchi kuchokera kutchalitchi, kulandirana bokosi panjira ya kumanda, kulandira khasu kapena fosholo pokwirira. Koma za kukumba manda ndi kukonza thupi zili ndi eni ake, adzukulu ndi akuluakulu amene apatsidwa udindowo. Kumeneko usalowerere usanaitanidwe.

Pamene sukudziwa, funsa, koma ufunse munthu woyenera. Paja amati safunsa anadya phula. Maliro a Chisilamu, mwachitsanzo, sachedwa kuikidwa, thupi limakulungidwa m'nsalu yoyera, ndipo kawirikawiri amayi sapita nawo kumanda. Mipingo nayo imasiyana pa za nkhata, nyimbo ndi amene amaloledwa kulankhula. Zonsezi ukhoza kumunong'oneza munthu amene wakhala naye pafupi: "Kodi kuno zimayenda bwanji?" Adzakuuza mosangalala. Amene sukuyenera kumufunsa ndi mmodzi yekha, wofedwayo.

Pali phokoso lina limene m'badwo wathu wabweretsa pasiwa, ndipo silituluka pakamwa. Mnzathu wa mawu a Chingerezi uja, titangokhala pansi, anajambula nyumba ya siwa n'kuika pa WhatsApp ndi zilembo zitatu zija, RIP, ndi kankhope kolira. Mawa lake ndinaona anthu ena, osati a gulu lathu, akukweza mafoni pa nthawi yoona nkhope. Ndifunse: chithunzi chimenecho n'cha ndani? Womwalirayo sangakane. Ana ake maso ali m'misozi, sakuona. Ndipo pali abale akutali, ena ali ku Joni, amene banja likufuna kuwauza lokha ndi pakamwa, mwaulemu, munthu atakhala pansi. Si bwino kuti mwana amve za imfa ya mayi ake pa sitetasi ya munthu amene sanawaonepo n'kamodzi komwe. Uthenga wa maliro uli ndi eni ake. Ngati banja silinalengeze, chala chako chikhalenso chete.

Tsono ndisanamizire kuti kukhala chete ndi mankhwala a chilichonse. Kuli ndi malire ake, ndipo ndikuona awiri.

Oyamba ndi awa: kusowa chonena si chifukwa chokhalira kunyumba. M'kalasi mwathu tilimo oposa makumi asanu, koma tinapita asanu. Ena analibe ndalama yoyendera, zimenezo n'zomveka. Koma angapo anandiuza okha kuti "ine zamaliro zimandivuta, sindidziwa chonena." Mnzanga atabwerera kusukulu, omwewo ankamuzemba m'makhonde, ena kuwoloka msewu kumene, poopa nkhani yomweyo. Chete wotere ndi wina. Uyu ndi wothawa, ndipo amapweteka kuposa mawu olakwika. Wolankhula mopusa uja anabwerako, anagona panja, mame anamugwera. Chete amene ndikumuyamikira ine ndi wa munthu amene ali pompo.

Achiwiri ndi akuti pali nthawi imene pakamwa pamayenera kutseguka. Ukamva anthu pamoto ayamba kunong'onezana kuti imfayi si yabwinobwino, n'kumatchula dzina la gogo wina wa m'mudzimo, usawonjezerepo mawu, ndipo zikayamba kutentha kadziwitse akuluakulu kapena amfumu, chifukwa manong'onong'o otere aphetsapo okalamba m'dziko muno. Ukaona achibale ayamba kuwerenga malata ndi mipando thupi lisanaikidwe n'komwe, dziwa kuti lamulo la chuma cha masiye la 2011 limaletsa kulanda katundu wa womwalira, ndipo mayi wamasiye kapena ana angafune munthu wowakumbutsa zimenezi mwakachetechete, pambali. Kukhala chete pamaso pa chisoni ndi ulemu. Pamaso pa nkhanza ndi mantha chabe.

Ndipo mawu ako enieni, ngati uli nawo, asungire mtsogolo. Tsiku loika maliro pamakhala anthu mazana. Pakatha sabata zitatu pamakhala palibe aliyense, matenti anachotsedwa, mbale zobwereka zinabwezedwa, ndipo m'pamene imfa imayamba kumveka bwino m'nyumba. Nthawi imeneyo namfedwa amafuna munthu amene sakuopa kutchula womwalirayo. Mayi a mnzanga ankatitumizira mbatatesi ndi ufa pa thumba limodzi, ndipo nthawi zonse ankaikamo kapepala kolembedwa kuti tigawane, tisakanganirane. Pasiwa paja sindinaikumbukire nkhani imeneyi chifukwa mutu wanga unali wodzaza ndi chiganizo chimene ndinkakonza. Ndinadzainena usiku wamdima uja, iye atamaliza kundiuza za mbuzi. Anaseka, kenako analira, kenako anandiuza nkhani zina zitatu za mayi ake zimene ndinali ndisanazimvepo.

Ife a kuyunivesite amatiphunzitsa kuti funso lililonse lili ndi yankho, ndipo wokhala chete m'kalasi ndiye sanawerenge. Chizolowezi chimenechi timapita nacho kumudzi, n'kumaona ngati anthu akudikira kuti wophunzira anenepo kanthu. Palibe amene akudikira. Bambo wachikhoti uja sindikudziwa ngati anafika Sitandade 8, koma usiku umenewo ndi iye amene anadziwa chochita, ife atatu tili mbuu ndi mavesi athu ndi mafunso athu.

Mwezi watha bambo a mnzathu wina wa m'kalasi anamwalira kuno kutauni. Ndinapita. Ndinati "pepa, aise," n'kukhala pansi. Funso lija linabwera mpaka pammero, chifukwa chidwi sichifa, koma ndinalimeza. Nditaona kuti mpando umene wakhalira ndi wothyoka mwendo, ndinadzuka n'kukamutengera wina.